Mafunso ndi mayankho: "Muwonjezere yotapira" komanso machaji ena amene amakweza mtengo wa katundu pafoni

Nkhani ya yotapira imayambitsa mikangano tsiku lililonse, pamsika, pagolosale, m'magulu a WhatsApp ogulitsira kaunjika. Ine ndinakhalapo mbali zonse ziwiri, ndinagwirako ntchito pakabenchi ka ejenti kwa kanthawi ndipo panopa ndimagulitsa tinthu pafoni, nde mafunso ali apawa ndi omwe anthu amandifunsa mobwerezabwereza.

Ndinene kaye chimodzi tisanapite patali. Machaji a Airtel Money ndi TNM Mpamba amasinthasintha, tchati chenicheni mukachione chomwe chamatidwa pakabenchi ka ejenti wanu. Manambala ali m'munsimu ndi ongoyerekeza, ndawasankha osavuta kuwerengera kuti tione mmene zimayendera basi.

Kutapa: mpaka K5,000 chaji K300. Kuposa apo mpaka K10,000 chaji K500. Mpaka K20,000 chaji K800. Mpaka K50,000 chaji K1,500.

Kutumiza kwa munthu wa netiweki yomweyo: mpaka K5,000 chaji K100. Mpaka K20,000 chaji K200. Mpaka K50,000 chaji K400.

Kodi machajiwa amadula pati kwenikweni? Ine ndimangoona balansi yatsika.

Ndalama ya mufoni imadulidwa ikamasuntha, ikangokhala phee palibe amaikhudza. Kuyika ndalama kwa ejenti pa nambala yanu ndi ulele. Kulandira ndi ulele. Koma kutumiza kwa munthu wina mumalipira inu wotumiza, kutapa amalipira wotapayo, ndipo kukoka ndalama kuchokera kubanki kupita mufoni kapena kuikankhira kubanki nakonso nthawi zambiri pamakhala chaji chake. Nde vuto ndi loti pogula chinthu chimodzi ndalama yomweyo imatha kudutsa pamageti atatu, ndipo geti lililonse limatengako kake. Aliyense amangoona geti lomwe waima yekha, n'chifukwa chake munthu amalumbira kuti "anangondidula K200 yokha" chonsecho ya kubanki ndi yotapira ija waiwala kuwerengera.

Tandipatseni chitsanzo chogwirika, mwina ndimva.

Tiyerekeze muli ku Area 25 ku Lilongwe, mwaona nsapato pasitetasi ya mayi wina wa ku Limbe, mtengo K20,000. Mwanenerera mpaka mwatopa, akana, mwagwirizana pomwepo. Kenako uthenga ukubwera, "achimwene muwonjezere yotapira".

Malipiro anu ali kubanki, nde poyamba mukukoka ndalama kubwera mufoni, tinene kuti pamenepo adula K500. Yotapira ya K20,000 pa tchati chathu chija ndi K800, ndiye kuti mukutumiza K20,800. Apa ndi pamene anthu ambiri samaona. Mukanatumiza K20,000 yeniyeni chaji yotumizira ikanakhala K200, koma K800 mwawonjezerayo yakudumphitsani malire, mwalowa m'gulu lapamwamba ndipo mukulipira K400. Yotapira yabereka mwana wake.

Nsapato iyenera kukwera basi. Kondakitala akuti K3,000, nayenso akuti muwonjezere yotapira chifukwa madzulo akapereka kashi kwa bwana wake. K300 ija, kuphatikiza K100 yotumizira.

Tiwerengere. Katundu ndi thiransipoti, zomwe inu mumadziwa m'mutu mwanu, ndi K23,000. Machaji ndi K500, K800, K400, K300 ndi K100, zonse pamodzi K2,100. Mwatulutsa K25,100. Ndiye kuti pa K100 iliyonse mwawonjezera pafupifupi K9, ndipo mukakumana ndi anzanu mudzanenabe kuti nsapatoyi ndinagula K20,000. Kukhala ngati munanenerera n'kuchotsetsa K1,000 ndiye kuti yomwe munapulumutsa pakamwa yapita yonse pafoni n'kutengaponso ina.

Bwanji zimaoneka ngati timadulidwa kwambiri tikamagula zinthu zing'onozing'ono?

Sikuti zimangooneka, zilidi choncho. Chaji sichiyenda ndi peresenti, chimayenda m'magulumagulu ngati masitepe, ndipo sitepe yapansi ndi yomwe imaluma kwambiri mukayerekeza ndi ndalama yomwe mukusuntha.

Mulu wa usipa wa K2,000, mwalipira pafoni, mayi wogulitsa akuti yotapira. K300 kuphatikiza K100 yotumizira ndi K400. Pa K2,000 imeneyo ndi K20 pa K100 iliyonse, usipa wakwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu musanafike nawo n'kunyumba komwe. Pomwe munthu wogula katundu wa K40,000 alipira K1,500 ndi K400, pamodzi K1,900, osafika ngakhale K5 pa K100. Iyeyo watulutsa ndalama zambiri inde, koma amene zamupweteka ndi wa usipa uja.

Ndipo amene amagula pang'onopang'ono timamudziwa tonse. Ndi uja amalandira ya ganyu lero n'kugula walkman wa ufa, mawa kachiwiri, mkuja kachitatu. Munthu wa ndalama amagula thumba lonse kamodzi n'kudulidwa kamodzi. Izi ndi zomwe zimandinyansa pa kachitidwe ka masitepeka, koma ndi mmene zilili ndipo bola kuzidziwa.

Ndiye ndani ayenera kulipira yotapira, wogula kapena wogulitsa?

Funso ili ndi lomwe limathetsa maubwenzi, nde ndikhalapo kanthawi.

Mbali ya wogulitsa ndi yomveka. Mayi wa nsapato uja mwina anaoda pa K17,000, phindu lake ndi K3,000. Akalipira yekha K800 ndiye kuti kuposa kota ya phindu lapita. Ndipo iyeyo sakutapa chifukwa chokonda kugwira mapepala ayi, kokaoda belo ambiri amafunabe kashi, wonyamula katundu amafuna kashi, chiphaso cha mumsika kashi. Inu mukanabwera ndi ndalama pamanja iye akanalandira K20,000 yathunthu, ndiye akamati muwonjezere akungofuna kufika pomwepo.

Koma pali mbali ina yomwe ogulitsa anzanga sakonda kuti ndiitchule. Yotapira imawerengeredwa ngati kuti ndalama ya kasitomala aliyense ikatapidwa payokha, zomwe si zoona. Tinene kuti lero mwagulitsa kwa anthu khumi, aliyense K5,000 ndipo aliyense wawonjezera K300. Mwatolera K3,000 ya yotapira. Madzulo mwapita kwa ejenti mwatapa K50,000 yonse kamodzi, adula K1,500. K1,500 inayo yatsala m'thumba mwanu. Ndipo wina satapa n'komwe, ndalama yomweyo agulira mayunitsi a magetsi, alipira bilu ya madzi, atumiza kumudzi. Yotapira yake ija yasanduka phindu lobisika.

Maganizo anga ndi oti wogulitsa anene mtengo umodzi womwe waphatikiza kale zonse, monga mmene amaphatikizira lendi ya benchi ndi thiransipoti yokaodera. Palibe amakuuzani kuti "muwonjezere ya minibasi yomwe ndinakwera pokaoda", nanga yotapira yokha ikhale yapadera bwanji. Ngati sizitheka, anene poyambirira kuti pa kashi ndi mwakuti, pafoni ndi mwakuti, munthu asankhe yekha. Chomwe chimapsetsa mtima makasitomala si K300 ayi, ndi kuuzidwa mutagwirizana kale.

Kwa inu wogula, funsani musanayambe kunenerera: "mtengowu ndi wa pafoni?" Mukafunsa pamapeto mphamvu zimakhala zatha.

Pashopu pali nambala yomata pakhoma. Ndikalipira pamenepo ndimadulidwanso, si paja amati kulipira pa tilo n'kosiyana?

Apa tcherani khutu chifukwa manambala omatidwa pakhoma si amtundu umodzi. Ilipo nambala ya tilo yeniyeni, yomwe shopu inalembetsa ngati bizinesi yolandira malipiro, ndipo imeneyi kawirikawiri imakhala yopepuka kwa wogula kuposa njira zina zonse. Ilipo nambala ya foni wamba ya mwini shopu, kumeneko mukungotumiza kwa munthu ndipo chaji yotumizira ndi yanu. Ndiye ilipo khodi ya ejenti.

Khodi ya ejenti ndi yomwe imapusitsa anthu. Mashopu ambiri alinso ma ejenti, nde mukati ndilipira pafoni amakuuzani kuti "tapani pa khodi iyi". Mukatero simunalipire katundu m'maso mwa kampani, mwatapa ndalama, kungoti m'malo mokupatsani kashi akupatsani shuga ndi sopo. Chaji chonse chotapira chagwera inu, ndipo mwini shopu alandiranso komishoni kuchokera ku kampani chifukwa choti wakutapitsani. Wadya kawiri, pa shuga ndi pa komishoni.

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Onani njira yomwe mwadutsa mutaimba *211# kapena *444#. Ngati munasankha pa kutapa ndalama, ndiye kuti ndi khodi ya ejenti ngakhale pakhoma atalemba zotani. Uthenga wobwera pambuyo nawonso umanena ngati mwatapa, mwatumiza kapena mwalipira. Ine ndinaziphunzira movutikira pa hadiweya ina, ndinagula utoto ndi misomali, mnyamata wake anandiwerengera manambala ine n'kumangodina osaganiza, pofika kunyumba ndikuona balansi yaperewera ndi ndalama yoti ndikanagulira burashi. Nditabwerera tsiku lina ndinaona kuti tilo analinso nayo, kapepala kake kanali kuseri kwa sikelo.

Nde mukalowa mushopu funsani kuti "tilo muli nayo?" musanatulutse foni.

Kodi kutapa kamodzi ndalama yambiri ndi kutapa pang'onopang'ono, chotchipa n'chiti?

Nthawi zambiri kamodzi. K20,000 kutapa kamodzi ndi K800. Mukaitapa kanayi, K5,000 lero, K5,000 mkuja, choncho, ndi K300 kanayi, K1,200. Ambiri timachita dala zimenezi poopa kuti ikakhala m'thumba ithera zosadziwika, ndipo ndikumvetsa, kungoti dziwani kuti kudziletsa kumeneko mukukugula K400.

Koma pali pena pomwe kugawa kumathandiza, pamalire a masitepe. Mukufuna K21,000. Kamodzi ndi K1,500 chifukwa mwadumpha malire a K20,000 ndi K1,000 yokha. Mukatapa K20,000 payokha (K800) kenako K1,000 payokha (K300) zikukwana K1,100. Kuposanso apo, tapani K20,000 yokha, K1,000 inayo isiyeni mufoni mugulire mayunitsi omwe mukanagulabe ndi kashi. Lamulo lake ndi longoyang'ana tchati n'kuona ngati mwaima pamwamba penipeni pa sitepe kapena mwangoponda kumene sitepe yotsatira. Pansi pa sitepe ndi pamalo oipa kuimapo.

Ejenti akuti alibe kashi yokwanira, nditape theka kwa iye theka kwina. Ndikuluza?

Eya, mukulipira kawiri pa vuto lomwe si lanu. K20,000 ija yomwe ikanadya K800 mukaigawa pawiri ndi K500 kawiri, K1,000. Funsani kaye ngati ali ndi ndalama yonse musanadine chilichonse, ndipo ngati wina ali pafupi pitani kwa winayo mukatape yonse. Kumapeto a mwezi ndi nyengo yogulitsa mbewu ndi pamene zimachitika kwambiri chifukwa aliyense akutapa, woyika palibe, kashi ya ejenti imatha m'mawa momwe.

Kumudzi nkhani imakula. Ngati ejenti wapafupi ali patreding'i ndipo kabaza ndi K1,000 kupita K1,000 kubwera, imeneyonso ndi yotapira, ngakhale siilembedwa patchati chilichonse. Mukamatumizira amayi ndalama ya feteleza muziiwerengera, apo ayi adzafika pashopu ndalama itaperewera n'kubwerera chimanjamanja.

Nanga ejenti akandiuza kuti ndimupatse kenakake pamanja pamwamba pa zomwe foni yadula?

Chaji chotapira chimadulidwa mufoni mwanu basi, ndipo ejenti amalipidwa komishoni ndi kampani. Mukatapa K10,000 akupatseni K10,000 yathunthu. Kumalo komwe ejenti ali yekha ena amadulako pamanja, amati ya thiransipoti yokatengera kashi kutauni, anthu n'kumangolola poti kulibe kwina kopita. Si gawo la tchati limenelo. Sungani uthenga wa malondawo, muli nambala yake ndi nthawi, mukadandaule ku kampani ya foniyo. Kukapanda kuyenda, a Reserve Bank of Malawi ndi omwe amayang'anira ntchito zotumiza ndalama pafoni.

Anthu ena amapereka kashi kwa ejenti kuti ayike mwachindunji pa nambala ya wogulitsa. Si nzeru imeneyo?

Imapulumutsa chaji yotumizira, zoona, poti kuyika ndi ulele. Koma taonani zomwe mwataya. Mufoni mwanu mulibe uthenga uliwonse wosonyeza kuti munalipira. Wogulitsa wa pa Facebook uja akakana kuti sanalandire, kapena ejenti akaphonya nambala imodzi, umboni wanu ndi kabuku ka ejenti basi, ngati analembamo n'komwe. Ndipo ma ejenti ena amakana kapena amafuna kenakake pochita zimenezi, nde phindu lija latha pomwepo. Kwa mchemwali wanu palibe vuto lalikulu. Kwa munthu woti simunamuonepo nkhope, K200 yotumizira ija itengeni ngati mtengo wa lisiti.

Ine ndili pa Mpamba, wogulitsa ali pa Airtel Money. Nditani?

Kutumiza kuchokera ku netiweki ina kupita ku inzake kumatheka masiku ano, koma kuli ndi tchati chakechake, musangoganiza kuti n'chimodzimodzi ndi kutumiza mkati mwa netiweki imodzi. Njira yachikale, yotapa kuno n'kukayika uko kenako n'kutumiza, imakulipiritsani chaji chotapira chathunthu kuphatikiza chotumizira, ndipo ngati wogulitsa akufunanso yotapira ndiye kuti ndalama imodzi yalipira kutapa kawiri. Musanachite chilichonse funsani wogulitsa ngati ali ndi nambala ya netiweki yanu. Ambiri a bizinesi ali ndi masimu awiri, amangotchula imodzi chifukwa cha chizolowezi.

Kodi mumachajimu muli msonkho wa boma?

Nkhani ya msonkho pa ndalama za pafoni imabwerabwera nthawi ya bajeti. Mu 2019 boma linafuna kuyika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zoyenda pafoni, anthu ndi mabungwe anadandaula kwambiri mpaka ganizolo linachotsedwa. Kwa inu wogula chofunika ndi choti chilichonse chomwe chadulidwa, kaya chapita ku kampani kaya ku boma, chimatuluka mu balansi yanu, ndiye njira ya m'funso lotsatirali imagwira zonse.

Ndingadziwe bwanji ndalama yeniyeni yomwe ndadulidwa?

Osadalira kukumbukira. Uthenga uliwonse umabwera ndi balansi yotsala. Tengani balansi ya mu uthenga wam'mbuyo, chotsani ya mu uthenga watsopano, kenako chotsani mtengo wa katundu. Chotsalacho ndiye chaji. Munali ndi K30,000, mwalipira nsapato ya K20,000, mwatsala ndi K8,800, ndiye kuti K1,200 yapita panjira, yotapira ndi yotumizira.

Ngati mumagulitsa, yesani kwa sabata imodzi yokha kulemba kumapeto kwa kabuku ka malonda mizere iwiri, yotapira yomwe mwatolera kwa makasitomala ndi chaji chomwe mwalipiradi kwa ejenti. Ine nditayesa ndinapeza kuti pa tinthu ting'onoting'ono ndimatolera zopitirira, pomwe pa katundu wamkulu yemwe ndimachita manyazi kupempha yotapira ndimaluza. Ndinasintha mitengo sabata yomweyo.

Ndalama yochokera kwa achibale ku Joni, bola kulandirira mufoni kapena pamanja?

Zitengera chomwe mukufuna kuchita nayo. Wotumiza walipira kale chaji chake uko. Ngati ndalamayo ndi ya simenti ndi malata komwe akafune kashi, kuilandirira mufoni ndiye kuti mudzalipiranso kutapa, bola kukatenga pamanja ngati ofesi yake ili pafupi. Ngati ndi ya fizi, magetsi kapena zinthu zolipirika pafoni, ilowe mufoni ndipo isatulukenso.

Ndiye tingobwerera ku kashi basi?

Pa usipa wa K2,000 womwe mwaima nawo maso ndi maso, ngati kashi muli nayo m'thumba, perekani kashi. Koma nsapato ya ku Limbe ija simungakwere basi kupita ndi kubwera kuti mupulumutse K2,100, ndipo kuyenda ndi mpukutu wa ndalama mudepoti nakonso kuli ndi mtengo wake. Chomwe ndimachita ine ndi kuwerenga mageti. Ndalama ikalowa mufoni ndimayesetsa kuti ithere momwemo, magetsi, madzi, mayunitsi, mashopu a tilo. Ya pamsika ndimatapa kamodzi pa sabata, ndalama yofika pamwamba pa sitepe osadumpha. Ndipo ndikamakoka kubanki ndimakoka ya zinthu zingapo nthawi imodzi, osati kukoka K5,000 nthawi iliyonse ndikaona chinthu pasitetasi.

Ndatumiza ndi yotapira yomwe, katundu sanabwere kapena wabwera wolakwika. Pobweza abweze zingati?

Apa ndi pomwe mumaonera kuti machaji sabwerera. K500 ya kubanki ndi K400 yotumizira zija zapita, wogulitsa sanazione n'komwe, musamuumirize. Koma K800 ya yotapira inalowa mufoni mwake, ndiye ngati sanatape ayenera kubweza K20,800 yonse, osati K20,000. Ngati anatapa kale adzakuuzani kuti inadyedwa kwa ejenti, ndipo mwina akunena zoona, muuzeni akutumizireni chithunzi cha uthenga. Kenako patsala chaji yotumizira pobweza, yomwe foni idula kwa iyeyo, ndipo ambiri amaichotsa pa ndalama yanu osakuuzani. Ngati cholakwa n'chake, saizi yolakwika kapena katundu anatha atalandira kale ndalama, imeneyo ndi yake ndipo muneneretu asanatumize. Ngati mwasintha maganizo ndinu, ilipireni inu. Pa nsapato yathu ija, ngakhale zonse zitayenda mwamtendere n'kubwezeredwa K20,800, mwatsalabe ndi dzenje la K900, osawerengera za kondakitala zija, ndipo nsapato mulibe.